Mmene mungakonzere mawu a mphindi zitatu oimira kalasi pa mwambo wa anamwino omaliza maphunziro

Anzanu akusankhani kuti mukalankhule m'malo mwawo pa tsiku lolandira masatifiketi, ndipo pa ndondomeko ya mwambo alembapo kuti muli ndi mphindi zitatu. Ambiri amene amapatsidwa udindo umenewu amapunthwa pa malo amodzimodzi. Amayamba ndi malonje ataliatali, kenako n'kumathokoza anthu mmodzimmodzi, ndipo pamene akufika pa zimene amafunadi kunena, wotsogolera mwambo amakhala ataimirira kale pambali akuloza wotchi. Ena amakonza nkhani yogwira mtima ya wodwala amene anamusamalira, osazindikira kuti akuulula chinsinsi cha munthu pamaso pa holo yodzaza, pa tsiku lomwelo limene akulonjeza kuti adzasunga zinsinsi za odwala.

Ntchitoyi si yachilendo kwa inu monga mmene mukuganizira. Mwakhala mukupereka lipoti posinthana ntchito m'wodi. Pa lipoti simunena za inu eni, simunena zonse zimene zachitika usiku wonse, ndipo mumasankha zokhazo zimene wolandira ayenera kumva. Mawu a woimira kalasi amayenda chimodzimodzi: ndi lipoti la kalasi yonse, lalifupi, lokhala ndi nkhani imodzi yeniyeni.

## Zofunika kukhala nazo

- Ndondomeko ya mwambo, ngakhale itakhala yongoyembekezera, yosonyeza amene alankhule inu musanaime ndi amene alankhule pambuyo panu.
- Mndandanda wa alendo ndi maudindo awo, wochokera ku ofesi ya sukulu.
- Mayankho a anzanu a m'kalasi pa mafunso awiri amene ali m'munsimu.
- Foni yokhala ndi wotchi yowerengera masekondi komanso yotha kujambula mawu.
- Mapepala awiri osindikizidwa, ndi cholembera choikira zizindikiro.
- Mphunzitsi mmodzi woti awerenge zimene mwalemba, ndi anzanu awiri kapena atatu oti akumvetsereni.
- Masabata awiri. Ngati mwatsala ndi masiku atatu okha, zithekabe, koma musadumphe gawo lachitatu.

## 1. Funsani okonza mwambo musanalembe liwu lililonse

Pitani kwa amene akukonza mwambo mukafunse zinthu zinayi. Choyamba, ndi mphindi zingati zenizeni, ndipo kodi nthawi yoyenda kuchoka pampando kukafika kutsogolo ikuwerengedwa momwemo? Chachiwiri, mulankhula masatifiketi asanaperekedwe kapena ataperekedwa kale? Yankho lake limasintha mawu anu, chifukwa simunganene kuti "masatifiketi amene talandirawa" manja anu ali opanda kanthu. Chachitatu, padzakhala pogoneka pepala kapena mudzagwira maikolofoni m'manja? Chachinayi, alipo wina amene wapatsidwa ntchito yothokoza alendo kumapeto? Ngati alipo, gawo lanu lothokoza lifupike kwambiri, musamulande mawu m'kamwa.

Funsaninso ngati pa mwambowo padzakhala kuyatsa nyali kapena kunena lumbiro la anamwino. Ngati lumbiro likubwera pambuyo panu, musaliwerenge m'mawu anu. Anthu akalimva kawiri, lachiwirilo limene ndi lenileni limazirala.

Chenjezo: maina ndi maudindo a alendo musawatenge m'mutu mwanu kapena kwa anzanu. Atengeni olembedwa, ndipo mufunsenso m'mawa wa tsiku la mwambo, chifukwa mlendo wolemekezeka amatha kutumiza womuimira pa nthawi yothaitha.

## 2. Tolerani mawu kwa anzanu

Mukuimira kalasi, ndiye zimene mukanene zichokere ku kalasi. Atumizireni anzanu mafunso awiri okha, ndipo muwapatse masiku atatu oti ayankhe. Funso loyamba likhale lakuti, "Ndi tsiku liti kapena usiku uti m'wodi umene sudzauiwala, ndipo chinachitika n'chiyani?" Lachiwiri likhale lakuti, "Ndani anakuthandiza, ndipo anachita chiyani kwenikweni?"

Musafunse kuti "ndikanene chiyani?" Funso limenelo limabweretsa mayankho ofanana: ulendo unali wautali, tinavutika, tapambana. Mawu otere aliyense womaliza sukulu ina iliyonse angawanene. Koma mukafunsa za usiku umodzi, wina adzakuuzani za dilipi imene inakana kulowa katatu, wina za mwana woyamba amene anamulandira m'manja, wina za tsiku limene anasambitsa thupi la munthu amene dzulo lake ankacheza naye.

Mayankho akabwera, ayaleni patebulo muone chimene chikubwerezabwereza. Tinene kuti kalasi yanu ili ndi anthu 48, ayankha ndi 30, ndipo mwa amenewa 17 atchula usiku wawo woyamba m'wodi. Mutu wanu wapezeka pamenepo, palibenso chifukwa chousakira kwina. Ndipo musaiwale kufunsa anthu amene salankhulalankhula m'kalasi, amene anabwereza chaka, ndi amene ankaphunzira akulera ana. Mukangomvera gulu limene mumacheza nalo, theka la kalasi lidzakhala pampando likumva za sukulu imene silinaphunzireko.

## 3. Sankhani nkhani imodzi, ndipo muichotse chilichonse cholozera wodwala

Pano ndi pamene mawu a namwino amasiyana ndi a omaliza maphunziro ena onse, ndipo ndipamene ndikufuna mukhalitsepo. Nkhani zathu zogwira mtima zimachitikira pambali pa bedi la munthu wina. Munthuyo sanavomere kuti matenda ake akakambidwe pa maikolofoni. M'holomo mudzakhala abale a ophunzira, anamwino a m'zipatala zimene munaphunziramo, ndi mafoni ambirimbiri akujambula. Zimene mwanena zikhoza kufika kwa mwiniwakeyo dzuwa lisanalowe.

Ambiri amaganiza kuti akachotsa dzina ndiye kuti atha. Dzina ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimene zimaulula munthu. Taonani nkhani iyi monga mmene mnzanu angakulembereni poyamba:

"M'chaka chachiwiri, mwezi wa Juni, ndili m'wodi ya abambo, panali bambo wina wa zaka 62, mphunzitsi wopuma ntchito, wodwala shuga, amene anali atangodulidwa mwendo. Usiku sankagona. Nditapita kukamuyeza kuthamanga kwa magazi manja anga ankanjenjemera, ndipo iye anati ndisafulumire."

Dzina mulibemo, koma mwana wa bamboyo atakhala m'holomo adziwa msanga kuti akunena za bambo ake, ndipo woyandikana nawo nyumba adziwanso. Zaka, ntchito, mwezi, wodi, matenda ndi opaleshoni zikaphatikizana zimaloza munthu mmodzi. Tsopano dzifunseni kuti nkhaniyi yagona pati. Yagona pa manja onjenjemera a wophunzira ndi kuleza mtima kwa wodwala. Shuga, mwendo, zaka 62 ndi uphunzitsi sizikuthandiza kanthu pa phunzirolo, choncho zonse zichoke. Chotsala ndi ichi: wodwala wina sankagona, wophunzira ankanjenjemera, wodwalayo anamuuza kuti asafulumire. Nkhani sinachepe mphamvu, ndipo palibe amene angaloze chala.

Njira yosavuta ndi kutembenuza nkhaniyo kuti iyang'ane kwa wophunzira. Nenani zimene wophunzira anamva, analakwitsa ndi kuphunzira. Za wodwala nenani zochepetsetsa, ndipo ngati sizikufunika kuti anthu adziwe kuti anali bambo kapena mayi, ingonenani kuti "wodwala wina". Ngati mawu amene wodwalayo analankhula ndi achilendo moti abale ake angawazindikire, asiyeni. Ndipo ngati nkhaniyo singaime popanda kutchula matenda osowa, ngozi imene inamveka ponseponse kapena imfa imene anthu akuikumbukirabe, sankhani ina. Ngakhale wodwalayo anamwalira, chinsinsi chake sichinamwalire naye.

Pali anthu ena awiri ofunika kuwateteza. Woyamba ndi mnzanu mwini nkhani: mupempheni chilolezo, ndipo mumufunse ngati akufuna kutchulidwa dzina kapena ayi. Ine ndimakonda kunena kuti "mmodzi wa ife", chifukwa pamenepo aliyense m'kalasi amadziona yekha m'nkhanimo. Wachiwiri ndi namwino amene ankayang'anira. Nkhani yosonyeza kuti wophunzira anasiyidwa yekha ndi odwala, kapena kuti panalakwika mankhwala, ingamveke yosangalatsa pakati pa inu nokha, koma pa mwambo imasanduka mlandu wa munthu wina ndi wa chipatala chimene chinakulandirani. Nkhani zotero zili ndi njira yake yokazitulira, osati pa maikolofoni.

Mukamaliza, perekani nkhaniyo kwa mphunzitsi ndi funso limodzi: "Kodi alipo angamuzindikire wodwala ameneyu?" Akakayikira pang'ono pokha, chotsaninso.

## 4. Yezani liwiro lanu, kenako gawani nthawi

Musatenge chiwerengero cha mawu pa mphindi kwa munthu wina, chifukwa chimadalira chilankhulo ndi mlankhulidwe wanu. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, liwu limodzi monga "tinkangoyang'anizana" limanyamula zimene m'zilankhulo zina zimafuna mawu angapo. Tengani ndime iliyonse, muiwerenge mokweza ndi modekha kwa mphindi imodzi, kenako muwerenge kuti mwatchula mawu angati. Tinene kuti mwapeza 100. Mphindi zitatu zikupatsani mawu 300, koma muchotsepo nthawi yopuma pakati pa ndime ndi ya anthu kuwomba m'manja, imene ingadye masekondi 20 kapena 30. Mulinge mawu 250 mpaka 270.

Masekondi 180 amenewo agaweni motere:

- Malonje: masekondi 15 mpaka 20.
- Kunena amene mukuwaimira ndi mutu wanu: masekondi 15.
- Nkhani imodzi ndi phunziro lake: masekondi 60.
- Kuthokoza: masekondi 45.
- Mawu opita kwa anzanu ndi kutseka: masekondi 25.

Zotsalazo ndi za kupuma. Pa malonje tchulani maudindo kuyambira wamkulu kutsika m'munsi monga mmene ofesi yakulemberani, ndipo magulu asapitirire asanu ndi limodzi. Amene alankhula inu musanaime atchula kale aliyense, ndiye palibe angadandaule mukafupikitsa.

Pothokoza, thokozani magulu, ndipo gulu lililonse mulipatse chinthu chimodzi chimene linachita. "Tikuthokoza aphunzitsi chifukwa cha kudzipereka kwawo" ndi mawu amene amalowa khutu ili n'kutulukira linalo. "Munatibwezera mapepala mpaka tinadziwa kuwerengera mlingo wa mankhwala" ndi mawu amene mphunzitsi amawamva mumtima, chifukwa akukumbukira madzulo amene anakhala akuchonga mapepalawo. Maina a aphunzitsi musatchule pokhapokha ngati mutchule onse. Mukatchula atatu, wachinayi amene anakuphunzitsani kusamalira mabala adzapita kwawo akudzifunsa chimene analakwa.

## Chitsanzo chathunthu

Nachi chitsanzo chochokera ku kalasi yongoyerekeza ija ya anthu 48. Mawu ake sakufika 260.

"Mlendo wathu wolemekezeka, mkulu wa sukulu ino, aphunzitsi athu, anamwino a m'zipatala zimene tinaphunziramo, makolo ndi abale, anzanga omaliza maphunziro, ndakupatsani moni nonse.

"Ndaima pano m'malo mwa anthu 48. Nditawafunsa chimene sadzaiwala pa zaka zimenezi, ambiri sanatchule mayeso. Anatchula usiku wawo woyamba m'wodi.

"Mmodzi wa ife anandiuza za usiku wake. Anatumidwa kukayeza kuthamanga kwa magazi kwa wodwala wina amene sankagona. Manja ake ankanjenjemera, moti anayeza katatu osamva kanthu. Wodwalayo anamuyang'ana n'kunena kuti, 'Musafulumire, yesaninso.' Mnzathuyo anakoka mpweya, anayezanso, ndipo anamva. Atabwerako, namwino amene ankamuyang'anira anamufunsa funso limodzi lokha: 'Kodi munamuuza dzina lanu musanamugwire mkono?' Anali ataiwala. Anabwerera, anakadzitchula dzina, ndipo anakhala pambali pake mpaka wodwalayo anagona.

"Tonsefe tili ndi usiku wotero. Ndi mmene tinaphunzirira kuti tisanagwire mkono wa munthu, tizimuuza kaye kuti ndife ndani ndiponso tikufuna kuchita chiyani.

"Aphunzitsi athu, munatibwezera mapepala mpaka tinadziwa kuwerengera mlingo wa mankhwala osaphonya. Zikomo. Anamwino a m'mawodi, munaima kumbuyo kwathu pamene tinkabaya jakisoni woyamba, ntchito yanu ikukudikirani. Zikomo. Makolo, abale, amuna athu, akazi athu ndi ana athu, munatisowa pa masiku amene munkatifuna pakhomo. Satifiketi imeneyi ndi yanunso. Ndipo inu odwala amene munalola kuti tiphunzirire pa matupi anu, simuli muno, koma ndinu amene tikukuthokozani koposa.

"Anzanga, posachedwapa sipadzakhalanso wotiimira kumbuyo nthawi zonse. Tsiku lina wophunzira wonjenjemera manja adzaima pambali pathu, ndipo ife ndi amene tidzamufunse ngati wadzitchula dzina. Tidzamufunse mofatsa monga mmene anatifunsira ife. Zikomo kwambiri."

Onani kuti mawu otsekera akubwerera ku nkhani ija ya dzina ndi manja onjenjemera. Kumapeto musabweretse mfundo yatsopano. Omvera akamva chinthu chimene achidziwa kale chikubwerera, amazindikira okha kuti mwafika pothera, ndipo simufunikanso kunena kuti "pomaliza" katatu. Onaninso kuti liwu lakuti "ine" silikupezeka, ndipo wolankhulayo wadzitchula yekha m'ziganizo zitatu zokha za kumayambiriro, kupatula moni ndi liwu lakuti "anzanga".

Pa liwu lakuti "posachedwapa" pali chifukwa chake. M'maiko ambiri kumaliza sukulu ndi kupatsidwa chiphaso chogwirira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pamakhala mayeso kapena kalembera wa bungwe loyang'anira anamwino. Ngati kalasi yanu sinadutse pamenepo, musalengeze kuti "lero ndife anamwino ovomerezeka". Akuluakulu a ntchitoyi amene akhala kutsogolo amazimva zimenezo.

## 5. Ngati pali mnzanu amene anamwalira kapena sanamalize

Makalasi ambiri safika kumapeto ali onse. Ngati mnzanu anamwalira, funsani kaye okonza mwambo ngati akonza kale nthawi yomukumbukira, ndipo funsani banja lake ngati likulola kuti atchulidwe. Akalola, chiganizo chimodzi ndi chokwanira: dzina lake, ndi kuti mukumukumbukira lero. Chimene anamwalira nacho musachitchule. Ngati mupemphe anthu kuti akhale chete, nenani ndi wotsogolera mwambo pasadakhale kuti masekondi amenewo asadye nthawi yanu, ndipo muike gawoli pambuyo pa kuthokoza, osati poyambirira, chifukwa mawu anu akagwidwa ndi misozi pachiyambi zimavuta kuti abwerere.

Amene analephera mayeso kapena anasiyira panjira musawatchule maina. Mukhoza kungonena kuti "ndi anzathu amene tinayamba nawo, amene akubwera m'mbuyomu".

## 6. Yesererani mokweza, mutaimirira

Kuwerenga chamumtima sikuthandiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Imirirani, yatsani wotchi, ndipo mulankhule mokweza kasanu kapena kupitirira apo pa masiku osiyanasiyana. Ulendo wachiwiri dzijambuleni pa foni mudzimvere. Paliponse pamene mwapunthwa kawiri, vuto ndi chiganizocho, chiduleni pakati kapena musinthe liwu. Chiganizo chimene simungachimalize ndi mpweya umodzi ndi chachitali.

Mukapitirira nthawi, musathamangitse pakamwa. Chotsani mawu. Yambani ndi mawu okometsera monga "kwambiri zedi" ndi "mochokera pansi pa mtima", kenako gulu limodzi la othokozedwa liphatikizeni ndi lina. Nkhani ija muisiye yathunthu. Poyeserera mulinge mphindi ziwiri ndi masekondi 40, chifukwa pa tsikulo pamakhala zochedwetsa zimene kuchipinda kwanu kulibe.

Kenako lankhulani pamaso pa anzanu atatu aja, ndipo mukamaliza muwafunse kuti akuuzeni chimene akukumbukira. Akatchula nkhani ija, zili bwino. Akanena kuti "unalankhula bwino" koma osatha kutchula kanthu, mutu wanu sunamveke.

Sindikizani ndi zilembo zikuluzikulu, za saizi 16 kapena 18, mizere yotalikirana, mbali imodzi yokha ya pepala, ndipo ndime isadukire pakati kupita tsamba lina. Ikani kamzere ndi cholembera pamene mupume. Lowezani malonje, chiganizo choyamba ndi ndime yotsekera kuti pamenepo muziyang'ana anthu. Zina zonse mukhoza kuwerenga popanda manyazi. Kuwerenga pa foni ndikukuletsani: imazima, imalandira mauthenga, ndipo chala chonjenjemera chimakuthawitsirani mzere.

## 7. Pa tsiku la mwambo

Fikani msanga mukaone pamene muime ndi njira imene mudutse, makamaka ngati pali masitepe ndipo mwavala gawuni yaitali. Pepala limodzi likhale nanu, lina mupatse mnzanu wokhala pafupi. Funsani woyendetsa zokuzira mawu kuti muyese maikolofoni, ndipo muisunge pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa. Mukatembenuza mutu kuyang'ana alendo a kutsogolo, maikolofoni itembenuke nanu, apo ayi theka la malonje lidzasowa.

Mukafika kutsogolo musayambe nthawi yomweyo. Gonekani pepala, pondani pansi ndi mapazi onse awiri, kokani mpweya kamodzi ndi kuutulutsa pang'onopang'ono monga mmene mumauzira wodwala musanamubaye, kenako yambani. Musatsegule ndi kupepesa kuti simudziwa kulankhula kapena kuti muli ndi mantha. Anthu sakanadziwa, ndipo anzanu amene anakusankhani amachita manyazi.

Anthu akawomba m'manja kapena anzanu akakuwa, dikirani phokoso litsike musanapitirize, chifukwa mawu olankhulidwa m'kati mwa phokoso ndi otayika. Misozi ikabwera, imani, yang'anani pa pepala, pumani kawiri, ndipo muyambire pa chiganizo chotsatira. Masekondi asanu a chete amaoneka aatali kwa inu nokha. Mukasokonekera mzere, dumphirani ku ndime yotsatira, palibe amene ali ndi pepala lanu kuti adziwe kuti mwasiya kanthu.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kupatsa Florence Nightingale mawu amene sanalankhule. Ambiri amanena kuti lumbiro lodziwika ndi dzina lake analemba yekha. Linalembedwa mu 1893 ku Detroit, ku America, ndi komiti yotsogozedwa ndi Lystra Gretter, ndipo analitcha dzina lake pomulemekeza. Nightingale anabadwa pa 12 Meyi 1820, tsiku limene panopa ndi la anamwino pa dziko lonse, ndipo anatsegula sukulu yake ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London mu 1860. Zimenezi mukhoza kuzinena molimba mtima. Koma mawu okongola amene mwawapeza pa intaneti atamatidwa pa chithunzi chake, asiyeni ngati simukudziwa buku limene achokera. Kunena zoona, m'mphindi zitatu mawu a mnzanu wa m'kalasi amagwira mtima kuposa a munthu wotchuka, ndipo mlendo wolemekezeka mwina amutchula kale Nightingale.

Kusandutsa mawuwo mbiri ya moyo wanu. Werengani kuti "ine" ndi "ndina-" zikupezeka kangati. Zikaposa "ife" ndi "tina-", lembaninso. Makolo anu enieni muwathokoze panja, pa maikolofoni thokozani makolo a onse.

Nthabwala za m'wodi. Zimene zimatiseketsa ife pa ntchito ya usiku, za zotuluka m'thupi, za odwala osokonezeka mutu kapena za maliro, kwa kholo limene linagonekapo mwana m'chipatala zimamveka ngati nkhanza. Maina opeka a aphunzitsi ndi nthabwala zimene kalasi yokha ingazimve zimasiya holo yonse kunja.

Chilankhulo cha kuchipatala. Mawu achidule amene mumalemba m'mafayilo agogo anu sawadziwa. Nenani "kuthamanga kwa magazi", "chipinda cha odwala mwakayakaya", "kubaya jakisoni". Ngati mwambo ukuyenda m'chilankhulo chimene makolo ambiri sachimva bwino, pemphani chilolezo kuti ndime yowathokoza muinene m'chilankhulo chawo, ndipo muiwerengere nthawi yake.

Kutula madandaulo. Mwina zipangizo zophunzirira zinali zochepa, mwina malo ogona anali ovuta. Ngati kalasi yagwirizana kuti pempho limodzi limveke, liikeni m'chiganizo chimodzi, mwaulemu, monga pempho lothandiza amene akubwera m'mbuyo, ndipo mkulu wa sukulu alidziwe mwambo usanayambe. Zina zonse zilembeni m'kalata.

Kuwonjezera mawu muli kutsogolo. Anthu akawomba m'manja mtima umafuna kupitiriza, ndipo apa ndi pamene dzina la wodi kapena matenda a wodwala uja, zimene munazichotsa mosamala pa gawo lachitatu, zimapulumuka pakamwa. Zimene mphunzitsi anawerenga ndi zomwezo mukanene. Mukafika pa "zikomo kwambiri", tengani pepala lanu, weramitsani mutu kwa alendo a kutsogolo, ndipo mubwerere pampando.